Kiriyatini kwa othamanga mtunda wautali: mphamvu ya masekondi khumi, katundu wa makilomita 42

Mu 1993, akatswiri a sayansi ya zamasewera a ku Stockholm m'dziko la Sweden, motsogozedwa ndi Paul Balsom, anatenga amuna ozolowera kuthamanga n'kuwathamangitsa makilomita 6 m'njira ya m'tchire yokwera ndi kutsika. Atalemba nthawi ya aliyense, anawagawa pawiri. Gulu lina analipatsa magalamu 20 a kiriyatini tsiku lililonse kwa masiku 6, pamene linalo analipatsa ufa wongofanana nawo maonekedwe koma wopanda mankhwalawo. Kenako onse anabwerera m'njira yomwe ija. Amene anamwa ufa wopanda kanthu anafika pa nthawi yawo yakale. Amene anamwa kiriyatini anali atalemerako ndi pafupifupi kilo imodzi, ndipo anafika mochedwa ndi masekondi oposa 20 poyerekeza ndi ulendo woyamba.

Zimenezi zinachitika pa nthawi imene ufawu unali pakamwa pa aliyense. Chaka cham'mbuyo, mu 1992, nyuzipepala za ku Britain zinali zitalemba kuti Linford Christie, amene anatenga mendulo ya golide pa mamita 100 ku Olimpiki ya ku Barcelona, ndi Sally Gunnell, amene anapambana mamita 400 odumpha zipingasi, ankamwa kiriyatini pokonzekera. Othamanga ambiri anangoti chimene chathandiza Christie chithandizanso ife. Koma Christie mpikisano wake unkatha asanakwanitse masekondi 10. Wa marathoni pa masekondi 10 amakhala asanachoke n'komwe m'chipwirikiti cha poyambira.

Papita zaka zoposa 30, ndipo kiriyatini tsopano ali m'gulu la zowonjezera mphamvu zochepa kwambiri zimene asayansi amavomereza kuti zimagwiradi ntchito. Bungwe loyendetsa Olimpiki la IOC, m'chikalata chake cha mu 2018, linamuika m'gulu limodzi ndi kafini ndi zina zitatu zokha. Bungwe la WADA, lomwe limaletsa mankhwala obera pamasewera, silimuletsa. Chikalata cha IOC chomwecho chinachenjezanso kuti womwa akhoza kulemerako ndi kilo imodzi kapena awiri, ndipo kuti zimenezi zingakhale zopweteka kwa amene amathamanga mtunda wautali. Nkhani yonse ya wothamanga yagona pa kusinthanitsa kumeneku: akulandira chiyani, ndipo akusenza chiyani.

Kiriyatini si chinthu chachilendo m'thupi. Mfalansa wina wodziwa za mankhwala, Michel Eugène Chevreul, anamupeza m'nyama mu 1832. Chiwindi ndi impso zanu zimapanga pafupifupi galamu imodzi tsiku lililonse, ndipo munthu wodya nyama ndi nsomba kawirikawiri amawonjezera galamu ina kuchokera m'mbale. Mwamuna wa makilo 70 amakhala ndi magalamu pafupifupi 120 m'thupi lonse, ndipo pafupifupi yense amakhala m'minofu yoyendetsa mafupa. Tsiku lililonse magalamu pafupifupi awiri amawonongeka n'kutuluka ndi mkodzo.

Ntchito yake ndi iyi. Kuti mnofu ukokeke, umathyola kamolekyu kotchedwa ATP, ndipo kamene kamakhalamo kale n'kokwanira masekondi awiri kapena atatu okha munthu akamathamanga ndi mphamvu zonse. Choncho thupi liyenera kumakabwezeretsa nthawi zonse. Njira yachangu kuposa zonse ndi ya kiriyatini, amene amasunga mphamvu n'kuipereka nthawi yomweyo popanda kudikira mpweya. Koma ndi moto wa mapesi: umalilima mwadzidzidzi n'kuzilala pasanathe masekondi 10. Kuti nkhokwe imeneyi idzazenso pamafunika kupuma kapena kubweza liwiro kwa mphindi zingapo. Marathoni sayendera moto umenewo. Pafupifupi mphamvu yonse ya makilomita 42 imachokera ku shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, amene amatchedwa gilayikojeni, ndi ku mafuta a m'thupi, zonse zikupsa pang'onopang'ono ndi mpweya umene mapapo akukoka ndi mtima ukupopa. Kiriyatini sawonjezera mpweya umene magazi anganyamule. Mu 2023, akatswiri a ku Spain anasonkhanitsa kafukufuku 13 wochitidwa pa anthu ozolowera masewera a mtunda wautali, ndipo atawerengera pamodzi anapeza kuti kiriyatini sanasinthe nthawi yawo.

Nanga kulemerako kumachokera kuti? Roger Harris, Karin Söderlund ndi Eric Hultman anasonyeza mu 1992 kuti munthu akamamwa magalamu 5 kangapo patsiku, kiriyatini wa m'minofu amachuluka, kawirikawiri ndi 20 peresenti. Kiriyatini akalowa m'selo la mnofu amakoka madzi kuti alowe naye. Hultman ndi anzake anaona mu 1996 kuti m'masiku oyamba a kumwa magalamu 20 patsiku, mkodzo wa omwawo unachepa. Madzi amene akanatuluka anatsalira m'kati. Choncho sikelo ikakwera m'sabata yoyamba, si mafuta ndipo si mnofu watsopano. Ndi madzi. Kwa munthu wonyamula zitsulo kujimu zimenezi sizimupweteka, mwinanso zimamusangalatsa poona akatumba atukuka pagalasi. Wothamanga amayenera kuwanyamula madziwo phazi lililonse, ndipo marathoni imodzi ndi mapazi oposa 30,000.

Tiwerengere bwinobwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amangolankhula za m'mutu. Tiyerekeze wothamanga wa makilo 60 amene amamaliza marathoni pa maola atatu, kutanthauza mphindi 4 ndi masekondi 16 pa kilomita. Wamwa kiriyatini ndipo wafika pa makilo 61.2. Wawonjezera 2 peresenti ya thupi lake. Pothamanga, kilo iliyonse ya thupi imadya pafupifupi kalori imodzi pa kilomita, ndipo liwiro silisintha kwambiri chiwerengero chimenechi. Pa makilo 60 marathoni imamudyera makalori pafupifupi 2,520. Pa makilo 61.2 imamudyera ena 50 owonjezera. Makalori 50 si ambiri, theka la nthochi likhoza kuwabweza. Vuto silili pa chakudya ayi, lili pa mpweya. Mtima ndi mapapo ake ndi omwe aja, koma tsopano akutumikira thupi lolemerako. Ngati mtengo wonsewo utagwera pa liwiro, 2 peresenti ya mphindi 180 ndi mphindi zitatu ndi theka.

Kunena zoona chilangocho sichifika pamenepo nthawi zonse. Mu 1978, Kirk Cureton ndi anzake ku America anamangirira othamanga katundu pathupi n'kuyeza mtunda umene anatha kuthamanga m'mphindi 12. Katundu wofika 5 peresenti ya kulemera kwa munthu ankachepetsa mtunda ndi mamita pafupifupi 89. Kwa munthu amene amatha mamita 3,200 pa nthawi imeneyo, ndiye kuti wataya pang'ono kuchepera 3 peresenti. Tikatengera muyezo umenewu kwa wothamanga wathu uja, makilo ake 1.2 amutayitsa mphindi pafupifupi ziwiri. Ndiye yankho lili pakati pa mphindi ziwiri ndi zitatu ndi theka, ngati palibe phindu lina lobweza. Kumeneku n'kuyerekeza chabe, pakuti katundu wa Cureton anali wakufa, pamene madzi a kiriyatini amabwera ndi kenakake kothandiza. Komabe kwa munthu amene wakhala chaka chonse akufuna kutsika pansi pa maola atatu, mphindi ziwiri si zocheza.

Wina anganene kuti othamanga marathoni amadya kale nsima, mpunga kapena supageti wambiri masiku awiri kapena atatu mpikisano usanafike, ndipo zimenezonso zimawalemeretsa. N'zoona, chifukwa galamu iliyonse ya gilayikojeni imasunga magalamu pafupifupi atatu a madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti gilayikojeni ndi chakudya cha ulendo womwewo. Amapsa m'njira, madzi ake amamasuka n'kupita kuthukuta, ndipo pofika pa kilomita 30 katunduyo wapepuka. Madzi a kiriyatini amafika nanu pamzere womalizira.

Chitunda chimakweza mtengo umenewu. Panjira yafulati mumangokankhira thupi kutsogolo, koma pokwera mumalinyamula lonse m'mwamba. Aliyense amene anathamangapo mpikisano wa Porters pa phiri la Mulanje, pomwe njira imachoka ku Likhubula n'kukwera mamita oposa 1,000 kukafika pamwamba, kapena amene anakumana ndi chitunda cha Polly Shortts kumapeto kwa Comrades ku South Africa, safunika kuuzidwa kuti kilo imodzi ili ndi mano.

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani makochi ena odziwa ntchito amawapatsabe othamanga awo? Zifukwa zilipo, koma sizolingana mphamvu, ndipo ndiyamba ndi chimene chimatchulidwa kwambiri ngakhale sichindikhutiritsa kwenikweni.

Mipikisano yambiri ya mtunda wautali imagamulidwa ndi liwiro la kumapeto. Ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000, Haile Gebrselassie wa ku Ethiopia ndi Paul Tergat wa ku Kenya anazungulira bwalo ka 25 pa mamita 10,000, ndipo analowa m'mamita 100 omaliza ali phewa ndi phewa, Tergat ali kutsogolo pang'ono. Gebrselassie anamupitirira pa mapazi omaliza enieni, chifuwa chili patsogolo. Nthawi zawo zinali 27:18.20 ndi 27:18.29. Ku Paris mu 2024, Sifan Hassan anagonjetsa Tigst Assefa pa marathoni ya amayi ndi masekondi atatu okha, atagundana zigongono pakona yomaliza. Sindikunena kuti anthu amenewa ankamwa kiriyatini. Ndikungosonyeza mtundu wa mpikisano umene nkhokwe ya masekondi khumi ija ingakhale ndi mawu. Umboni wake ulipo pang'ono. Ku Australia mu 2018, okwera njinga anapalasa makilomita 120 m'chipinda choyezera, akumathamangitsa njinga mwamphamvu mwa apo ndi apo. Amene anamwa kiriyatini anali ndi mphamvu zochulukirapo pa kuthamangitsa kwa kumapeto, ngakhale nthawi ya ulendo wonse sinasiyane. Koma wapanjinga amakhala pachishalo, thupi lake limanyamulidwa ndi matayala. Ndipo liwiro la kumapeto limathandiza munthu amene belu la chizungulire chomaliza lamupeza ali m'gulu la patsogolo. Ngati kilo yowonjezera yakusiyitsani gululo pa kilomita ya 7, liwiro lanu labwinolo mudzalionetsa kwa oonerera okha. Ambiri amene timathamanga marathoni sitilimbana ndi munthu pamzere, timalimbana ndi wotchi.

Chifukwa chimene ndimachikhulupirira n'cha pokonzekera. Wothamanga mtunda wautali wamasiku ano samangowerenga makilomita. Kawiri pasabata amathamanga mobwerezabwereza mamita 300, 400 kapena 1,000 akumapuma pakati, amakwera chitunda chachifupi mwaliwiro n'kutsika akuyenda, ndipo amanyamula zitsulo kuti miyendo ilimbe. Ntchito yotereyi, yamphamvu, yaifupi ndi yobwereza, ndi imene kiriyatini anatchuka nayo. Chaka chomwe chija cha 1993, Harris ndi anzake anapatsa kiriyatini othamanga mitunda yapakati, n'kuwathamangitsa mamita 300 kanayi ndi mamita 1,000 kanayi. Nthawi zawo zinatsika, makamaka pa ulendo womaliza, umene nthawi zambiri miyendo imakhala italema. Apa phindu si la tsiku la mpikisano. N'lakuti kwa miyezi iwiri kapena itatu mumagwira ntchito yochulukirako pa masiku ovuta, ndipo mphamvu imene mwamanga imatsala ngakhale ufa mutausiya.

Pali zina ziwiri zazing'ono. Ku Brazil mu 2004, othamanga amene anamwa kiriyatini masiku 5 asanathamange makilomita 30 anapezeka ndi zizindikiro zochepa za kuwonongeka ndi kutupa kwa minofu m'magazi mwawo. Zotsatira za magazi si miyendo, ndipo kafukufuku wina wa za kuchira sanagwirizane onse, choncho ndingoti n'zolimbikitsa. Chachiwiri chimakhudza wovulala. Ku Leuven m'dziko la Belgium mu 2001, Peter Hespel ndi anzake anamanga mwendo wa anthu athanzi m'chikhakha kwa masabata awiri kuti mnofu ufote, kenako n'kuwayambitsa masewera obwezeretsa mphamvu. Omwa kiriyatini anabwezeretsa mnofu ndi mphamvu msanga kuposa anzawo. Wothamanga amene wakhala pansi chifukwa cha fupa losweka sakuthamangira wotchi, ndiye madzi owonjezera samulanda kanthu.

Sikuti aliyense amalandira mofanana. Mnofu uli ndi malire a kiriyatini amene ungasunge, ndipo amene ali kale pafupi ndi malirewo amangomukodza. Akatswiri amati munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse sasintha kwenikweni. Harris anaona kuyambira pachiyambi kuti amene amapindula kwambiri ndi amene nkhokwe yawo inali yotsika, ndipo kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti anthu osadya nyama ali m'gulu limenelo. Kilo ya nyama ya ng'ombe yaiwisi imakhala ndi magalamu 4 mpaka 5, nsomba zambiri zili chapompo, ndipo kuphika kwa nthawi yaitali kumawonongako. Nyemba, soya, nsinjiro ndi masamba zilibe kiriyatini. Ndiye wothamanga wa kwathu kuno amene ndiwo zake za masiku onse ndi nyemba ndi chisoso, nyama n'kumaiona pakutha pa mwezi, mwina angamve kusintha kwakukulu kuposa mnzake wodya nyama tsiku ndi tsiku. Musaiwale mbali inayo: amene mnofu wake walandira kiriyatini wambiri ndi amenenso walandira madzi ambiri.

Popeza matupi amasiyana chonchi, njira yokha yodziwira ndi kudziyesa, ndipo zida zake ndi sikelo, wotchi ndi kope. Tibwerere kwa wothamanga wathu wa makilo 60, ndipo tinene kuti marathoni yake ili patsogolo ndi masabata 20.

Sabata yoyamba asamwe kanthu. M'mawa uliwonse akadzuka n'kutaya madzi, asanadye kapena kumwa, akwere pasikelo yomweyomweyo ali ndi zovala zochepa, n'kulemba. Kulemera kwa munthu kumasintha ndi theka la kilo kapena kuposa tsiku ndi tsiku, choncho chofunika ndi avereji ya masiku 7, osati nambala ya tsiku limodzi. Mayi ayenera kuyerekeza masabata ofanana a mwezi wake, chifukwa thupi limasunga madzi mosiyana msambo ukayandikira. Sabata yomweyo achite mayeso awiri. Oyamba ndi mamita 400 kasanu ndi katatu, akumapuma masekondi 90 pakati, n'kulemba nthawi ya ulendo uliwonse. Achiwiri, patapita masiku atatu, ndi makilomita 5 ndi mphamvu zonse m'njira imene akuidziwa, yokhala ndi chitunda ngati mpikisano wake ulinso ndi zitunda.

Kenako ayambe magalamu 3 patsiku. Asatsate njira yodzaza mwachangu ya magalamu 20 patsiku imene imalembedwa pazitini zambiri. Hultman anasonyeza mu 1996 kuti magalamu 3 patsiku kwa masiku 28 amafikitsa mnofu pamalo omwewo amene magalamu 20 amaufikitsa m'masiku 6. Njira yapang'onopang'ono siisokoneza m'mimba, ndipo sikelo siidumpha mwadzidzidzi, ngakhale sindingalonjeze kuti siikwera konse, pakuti kiriyatini akafika m'mnofu madzi amamutsata ndithu. Ufawo ndi woyera, wosanunkha, ndipo susungunuka bwino m'madzi ozizira. Mukauvundula umazungulira pang'ono n'kudikha pansi pa kapu, moti mukangomwa madzi apamwamba theka la mankhwala latsala. M'madzi ofunda kapena m'phala umasungunuka bwino. Kumwera pamodzi ndi chakudya n'kwabwinonso chifukwa shuga wa m'chakudya amathandiza mnofu kuulandira. Kasupuni ka tiyi kamanyamula magalamu 3 mpaka 5 kutengera mmene mwatapira, choncho ndi bwino kupimitsa kamodzi pa sikelo yaing'ono kuti mudziwe mlingo wa supuni yanu. Nthawi ya tsiku ilibe kanthu kwenikweni, ndipo kumwa pa tsiku la mpikisano lokha n'kutaya ndalama, chifukwa kiriyatini sagwira nthawi yomweyo ngati khofi.

Pakatha masabata anayi, abwereze zonse: avereji ya sikelo, mamita 400 aja, makilomita 5 aja, nsapato zomwezo ndi nthawi yomweyo ya tsiku. Tinene kuti poyamba ulendo wake woyamba wa mamita 400 unali masekondi 78 ndipo womaliza unali 83, koma tsopano womaliza ndi 80. Sikelo yakwera ndi magalamu 600, ndipo makilomita 5 atuluka chimodzimodzi. Munthu ameneyu wapeza malonda abwino, apitirize m'nyengo yonse yonyamula zitsulo ndi kukwera zitunda. Koma tinene kuti sikelo yakwera ndi makilo 1.5, makilomita 5 achedwa ndi masekondi 15, ndipo pachitunda miyendo ikumveka ngati si yake. Ameneyu thupi lake layankha, asiye. Kapena sikelo siinasunthe ndipo wotchi siinasinthe: mwina ali m'gulu la osalandira, ndipo ndalama zake zikupita kuchimbudzi. Mayesowa si angwiro, chifukwa m'masabata anayi munthu wokonzekera bwino amapita patsogolo ngakhale popanda ufa. N'chifukwa chake chizindikiro chodalirika ndi kusiyana kwa ulendo woyamba ndi womaliza wa mamita 400, ndipo makilomita 5 akachedwa pa nthawi imene amayenera kufulumira, limenelo ndi chenjezo lomveka.

Ngakhale kwa amene zamuyendera, kalendala ndiyo imalamula. Munthu akasiya kumwa, kiriyatini wa m'mnofu amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti abwerere pakale, ndipo madzi amachoka naye. Ndiye wothamanga wathu amwe kuyambira sabata yachiwiri mpaka ya 14, n'kusiya kutatsala masabata 6. Kusiya kutatsala masiku atatu sikuthandiza, madzi amakhala akadalimo. Cholakwa chachikulu kuposa zonse ndi chija cha ku Stockholm: kuyamba ndi magalamu 20 patsiku sabata ya mpikisano. Pamenepo mumalandira katundu yense popanda ntchito imene akanakuthandizani kugwira, ndipo mungawonjezerepo kutsegula m'mimba, komwe kumabwera kawirikawiri munthu akamwa magalamu 10 kapena kuposa nthawi imodzi.

Mphekesera yakuti kiriyatini amaumitsa thupi ndi kukokanitsa minofu padzuwa yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri, koma kafukufuku sanaitsimikize. Omwa sanapezeke akutentha thupi kuposa anzawo, ndipo pa osewera mpira wa ku America a m'makoleji amene anatsatiridwa nyengo yonse, omwa sanakokane minofu kuposa osamwa. Chimene othamanga ena amadandaula nacho ndi kuthina kwa minofu ya kutsogolo kwa msongolo. Kafukufuku wina anapeza kuti kuthinana kwa m'kati mwa chigawo chimenechi kumakwera mwa omwa kiriyatini. Amene amamva kale kuwawa kapena dzanzi pamenepo akathamanga, komwe kumatha akangoima, asachiputeko.

Ena amene ndingawauze kuti aupite pambali ufawu ndi awa. Wothamanga wopepuka wa pamwamba amene amalimbana ndi masekondi, makamaka m'nyengo ya mipikisano: pa thupi la makilo 50 kilo imodzi ndi 2 peresenti yathunthu, pamene pa thupi la makilo 85 ndi pang'ono kuposa 1 peresenti. Wa mipikisano ya m'mapiri chimodzimodzi. Amene sanyamula zitsulo kapena kuchita liwiro lobwereza, wongothamanga mtunda pang'onopang'ono masiku onse, alibe pomwe kiriyatini angagwire. Ana osafika zaka 18, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe popanda dokotala, chifukwa kafukufuku pa iwowa ndi wochepa.

Pali gulu lina limene limandidetsa nkhawa kuposa onsewa. Ndi wothamanga amene sikelo imamulamulira, amene akaona kilo yakwera amachepetsa nsima. Ameneyu amathamangitsa madzi ndi njala, ndipo mathero ake ndi kufooka, kusiya kusamba kwa amayi ndi mafupa osweka okha. Ndipo kutopa kosatha kwa wothamanga mtunda wautali kawirikawiri kumachokera ku kudya mopereweza, kusagona mokwanira, kapena kuchepa kwa magazi, komwe kwathu kuno malungo ndi njoka za m'mimba zimakulitsa. Amene akutopa msanga ayambe wayezetsa magazi. Ndalama ya chitini chimodzi cha ufa ingagule usipa, mazira ndi chiwindi zambiri, zimene zingachiritse vuto lenilenilo.

Za impso zimafuna kulongosola. Mwa anthu athanzi, kafukufuku wa miyezi ndi zaka sanapeze kuti mlingo wa magalamu 3 mpaka 5 umawononga impso. Koma kiriyatini akawonongeka amasanduka kiriyatinini, chinthu chomwe achipatala amayeza m'magazi pofuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito. Womwa ufawu nambala yake ikhoza kukwera impso zili bwinobwino, dokotala n'kuda nkhawa kapena kusintha mankhwala popanda chifukwa. Choncho muwauze adokotala musanayezedwe. Amene ali ndi matenda a impso asamwe. Amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, kapena akumwa ma ARV okhala ndi tenofoviya, omwe achipatala amawayang'anira poyeza kiriyatinini yemweyu, afunse kaye kuchipatala kumene amalandira mankhwala.

Chotsala ndi chitini chenichenicho. Mtundu umene unayesedwa m'kafukufuku yense ndatchulayu ndi kiriyatini monohayidireti, ndipo ndi wotchipa kuposa mitundu ina ya mayina okometsera imene siinasonyeze kuti imaposa. Gulani wopanda zosakaniza, osati ufa wa zinthu khumi wolonjeza akatumba m'sabata imodzi. Kiriyatini ndi wololedwa, koma si zonse za m'chitini zimalembedwa kunja. Akatswiri a ku Cologne m'dziko la Germany anagula zowonjezera mphamvu 634 m'mayiko 13, ndipo m'lipoti lawo la mu 2004 anati pafupifupi 15 peresenti zinali ndi mankhwala oletsedwa okulitsa minofu amene sanalembedwe pachitini. Malamulo a WADA amati wothamanga ndiye mwini wa chilichonse chopezeka mumkodzo wake, kaya anadziwa kaya sanadziwe. Amene amapikisana pamlingo woyezedwa agule chitini chokhala ndi chizindikiro cha bungwe loyeza palokha, monga Informed Sport, atsimikize kuti nambala ya gulu la katundu yosindikizidwa pansi pa chitinicho ikupezeka pamndandanda wa bungwelo, ndipo akane ufa wopimidwa m'timapepala tapulasitiki topanda dzina. Nambalayo ailembe m'kope lomwe lija la sikelo, ndipo asunge ufa pang'ono m'chitini chake mpaka nyengo ya mipikisano itatha, kuti pakhale choyeza ngati zotsatira za mkodzo zitabwera ndi funso.